Pologalamu ya Sande sukulu Lamulungu lino: Zakeyu

Aphunzitsi anzanga muli bwanji nonse. Lamulungu lino chipinda ndi chimodzi chomwe chija, ndiye ana onse 23 tikhala nawo pamodzi, kuyambira kamtsikana ka zaka 4 kaja mpaka anyamata a zaka 13. Tili ndi ola limodzi basi, 9:00 mpaka 10:00. Phunziro ndi Zakeyu, Luka 19:1-10, chonde muwerengeretu kunyumba. Sabata yatha munaona nokha, ndinangolankhula ndekha mpaka tiana tinayamba kukwawa pansi pa mabenchi uku akuluakulu akuyasamula kumbuyo, ndiye ulendo uno wamkulu aliyense akhale ndi ntchito yake ndipo aang'ono asakhale pansi nthawi yaitali.

9:00 pakhomo pomwe, mwana aliyense wa zaka 10 kupita m'mwamba timupatse mng'ono wake wa tsikulo, m'modzi kapena awiri, amugwire dzanja, adziwe dzina lake, akhale naye limodzi. Obadwa bere limodzi tisawaphatikize, amangokanganapo. Pemphero lalifupi, kolasi imodzi ya manja, basi.

9:10 sewero la khamu, apa ndiye pagona phunziro lonse. Nkhani tisainene kaye. Ataliatali onse aime mzere phewa ndi phewa atatembenukira kukhoma, m'modzi wa ife adutse kutsogolo kwao atanyamula chithunzi, ndiye aang'ono ali kumbuyo tiwafunse kuti pachithunzipo pali chani. Adumphadumpha, asuzumira m'miyendo, ena ayamba kukankha, asiyeni pang'ono avutike koma wina asalire. Kenako tifunse kuti ukafuna kuona koma ndiwe wamfupi umatani. Wina anena ndithu kuti kukwera penapake, pamenepo ndiye tizitsegula Baibulo. Owerenga akhale atatu mwa akuluwo, woyamba ndime 1 mpaka 4, wachiwiri 5 mpaka 7, wachitatu 8 mpaka 10, enawo azichita zimene zikuwerengedwazo. Mtengo wa mkuyu ukhale mpando umodzi ndipo mphunzitsi augwire, okwera ndi Zakeyu yekha, sindikufuna za ana asanu pabenchi ine. Aang'ono akhale anthu a ku Yeriko, ntchito yao ndi kung'ung'udza pa ndime 7 pamene Yesu wapita kunyumba kwa munthu wochimwa, muona mmene azikondere zimenezo, mwina kuwaletsa kwake ndi kumene kuvute.

9:30 za msonkho. Ndabweretsa zitsekerero za mabotolo, ndazitsuka, timiyala ndakana kuopa kuti tiana tingaike m'kamwa. Mwana aliyense alandire zitatu. Zakeyu akhale pa tebulo, msonkho ndi chimodzi koma iye azitenga ziwiri. Akamaliza tibwerezenso ndime 8, ndiye abweze zinayi pa chimodzi chilichonse chimene anabera, aang'ono aziwerenga mokweza mpaka 4. Zake zimuthera asanafike kumapeto kwa mzere ndipo musamuonjezere msanga, akuluwo aone kaye okha kuti lonjezo lija linali lodula bwanji, pajatu analonjezanso kupereka theka la chuma chake kwa osauka. Akasowa chochita ndiye mumupatse za m'thumba mwanga kuti wina asabwerere chimanjamanja.

9:42 tigawane mphindi 10 zokha m'chipinda momwemo. Aang'ono kutsogolo, ajambule dzanja lao papepala ndi kulipaka kala yobiriwira, amenewo ndi masamba, tiwamata pa mtengo umene ndajambula pa katoni. Sizasi agwire mphunzitsi yekha. Akuluakulu kumbuyo atsegule Eksodo 22:1 apeze okha kuti wakuba nkhosa imodzi ankabweza zingati, kenako funso ili: Yesu anauza Zakeyu kuti abweze, kapena Zakeyu ananena yekha? Ayang'ane m'ndimemo asanayankhe. Wina akafunsa chifukwa chimene anthu ankadana ndi okhometsa msonkho, muwauze kuti ankatolera ndalama za boma la Aroma lomwe linkawalamulira, komanso ambiri ankaonjezerapo zao, ndipo Zakeyu anali mkulu wao.

9:52 vesi loloweza, Luka 19:10. Akulu aloweze lonse, aang'ono mawu awiri okha, kufunafuna ndi kupulumutsa, dzanja pachipumi pa loyambalo kenako akumbatire mnzao pa lachiwirilo. Wamkulu aliyense aphunzitse mng'ono wake, ife tizingozungulira. Pemphero lotsekera apemphere m'modzi wa atsikana aakulu aja, ndamuuza kale wavomera.

Nthawi ikatithera tidule zojambula, sewero lisadulidwe. Mwana asatuluke kholo lake kapena womutenga asanafike pakhomo. Guluu ndi makala ndili nazo, wina abwere ndi mapepala 20 ndipo tikumane 8:40 tisunthe mabenchi.