Ndithandizeni njira yodziwira chilankhulo cha mawu ochepa amene sindikuwamva

Akuluakulu odziwa za zilankhulo, ndabwera ndi pempho. Ndikuthandiza kulongosola mabuku akale amene anthu anapereka mwaulere, ndipo pakhadi la buku lililonse ndimayenera kulembapo chilankhulo chake. Buku lathunthu silivuta kwenikweni, chifukwa tsamba loyamba limatchula mzinda umene linasindikizidwa. Zondisautsa ndi timapepala topezeka m'kati mwa mabukumo: makalata aafupi, mawu a mphatso pachikuto, kachidutswa ka nyuzipepala. Tina tili ndi mizere iwiri basi.

Kamene kandiimitsa panopa ndi kolembedwa pamanja, kopanda deti, kopanda dzina la malo. Ndakopera mmene maso anga akuonera:

```
Kallis õde, jõudsin eile õhtul kohale.
Ilm on külm, aga tuba on soe.
Kirjuta mulle varsti.
```

Tanthauzo lake silikundivutitsa kwambiri, imeneyo inali nkhani ya eni ake. Chimene ndikufuna ndi dzina la chilankhulocho, komanso njira yoti nditsatire ndikadzakumana ndi kena.

Ndinayambira pa mtundu wa zilembo, ndipo apa panalibe vuto: ndi za Chilatini, ngati zimene ndikulemba nazozi. Koma zimenezi sizinandifikitse patali, poti zilankhulo zolembedwa choncho n'zambirimbiri. Ndiye ndinapita pa zilembo zokhala ndi timizere ndi timadontho pamwamba, zomwe m'kalatamu zilipo ziwiri, õ ndi ü.

Poyamba õ anandikumbutsa Chipwitikizi. Koma m'Chipwitikizi chilembochi chimayenda ndi e pambuyo pake, monga m'mawu othera ndi ões, pomwe pano chili chakumayambiriro kwa mawu, ndipo chikutsatiridwa ndi d, u ndi h. Komanso kalatayi yadzaza ndi k, amene Apwitikizi samugwiritsa ntchito m'mawu awoawo. Chiviyetinamu nachonso chili ndi õ, koma mawu ake amakhala a mphatikizo umodzi umodzi ndipo zizindikiro zimachuluka kuposa izi. Nanga ü? Alipo m'Chijeremani, m'Chitekishi ndi m'Chihangare. Chijeremani ndachichotsa chifukwa mayina a zinthu amayamba ndi chilembo chachikulu, ndipo sindikuona der, die, das kapena und. Chitekishi, chimene chinayamba kulembedwa ndi zilembo za Chilatini mu 1928, ndikanayembekezera kuonamo ı wopanda kadontho, ğ kapena ş.

Pa Chihangare ndi pamene ndikupempha kuti mundiyang'anire bwino. Chilankhulochi chili ndi ő, wa timizere tiwiri topendekeka. Munthu wolemba mofulumira akhoza kulumikiza timizereto n'kuoneka ngati õ, ndipo ö nayenso anthu ena amamulemba ndi kamzere kamodzi m'malo mwa timadontho tiwiri. Wolemba kalatayi dzanja lake linali lothamanga ndithu. Funso langa loyamba ndi limeneli: pa zolemba pamanja, kodi chizindikiro cha pamwamba pa chilembo ndingachikhulupirire mpaka pati? Ndinayerekezera kamzere ka pa õ ndi timadontho ta pa ü m'kalata yomweyi, ndipo n'zosiyana poonekeratu. Kodi zimenezi n'zokwanira? Chinanso chondikayikitsa n'choti Chihangare chimakonda sz, gy, ny ndi mavawelo a kamzere kamodzi monga á ndi é, koma pano palibe n'chimodzi chomwe.

Kenako ndinayesa timawu ting'onoting'ono tobwerezedwa, poti ndinamva kuti timeneti ndiye timaulula chilankhulo. Kobwerezedwa ndi on kokha, ndipo kandisokoneza m'malo mondithandiza. Kali m'Chingerezi, kali m'Chifalansa, m'Chipolishi ndi m'Chitcheki kamatanthauza "iye" wamwamuna, m'Chitekishi ndi khumi, ndipo m'Chifinishi ndi "ali" kapena "chili". Malo amene kakhala m'chiganizomu, pakati pa mawu awiri kawiri konse, akundipangitsa kuganiza kuti ndi mneni. Komanso m'mabuku a Chifinishi amene tili nawo ndimaona mawu oyamba ndi kirj kawirikawiri, ngati oyamba pamzere wachitatuwo. Vuto n'loti Chifinishi chimalemba ä, ö ndi y, osati õ kapena ü. Choncho maganizo anga akugwera pa Chiesitoniya, m'bale wake wa Chifinishi, chomwe chili ndi zilembo zonse ziwirizi. Kodi ndalondola? Ngati ndalondola, ndalondola mwa njira kapena mwa mwayi?

Ndafunsa choncho chifukwa kalatayi yandikomera mtima pokhala ndi zilembo zachilendo. Ndili ndi kandandanda kanga kamene ndimadalira: ł ndi wa Chipolishi, ř ndi ů ndi a Chitcheki, þ ndi wa Chiayisilandi, ß ndi wa Chijeremani, ț ndi wa Chiromaniya. Koma mawu asanu kapena asanu ndi limodzi akhoza kudutsa osakumana ndi chilembo chotere n'chimodzi chomwe. Pamenepo mumagwira chiyani? Mathero a mawu? Zilembo zoyenda ziwiriziwiri, monga ij wa Chidatchi kapena aa ndi kk wa Chifinishi? Ndinamvapo za kuwerenga kuchuluka kwa magulu a zilembo zitatuzitatu n'kuyerekezera ndi zilankhulo zodziwika, koma pa mizere iwiri sindikuona kuti chiwerengerocho chingatuluke chodalirika.

Zilankhulo zapachibale ndiye zimandithetsa nzeru. Chidanishi ndi Chinorowe zonse zili ndi æ, ø ndi å, ndipo ziganizo zina zazifupi zimalembedwa mofanana ndendende. Chimodzimodzi Chiindoneziya ndi Chimalaya. Zili ngati kusiyanitsa mapasa utangoona khutu lokha. Ndikakumana ndi zotere, kodi n'kwabwino kulemba mayina onse awiri pakhadi, kapena pali timawu todziwika tomwe timadula mlandu?

Pa zilembo zimene si za Chilatini ndikudziwa zochepa, moti mundikonze ngati pena ndapotoza. M'zilembo za Chisililiki, ї ndi є zimaloza ku Chiyukireniya, ў ku Chibelarusi, ђ ndi ћ ku Chisebiya, pomwe ы ali m'Chirasha koma mulibe m'Chiyukireniya ndi m'Chibugariya. M'zilembo za Chiarabu, پ ndi گ zimasonyeza kuti mwina ndi Chiperisiya kapena Chiudu, ndipo ے amakokera ku Chiudu. Pakati pa zilembo za Chitchaina pakapezeka tina tosavuta, topindika ngati の, ndiye kuti ndi Chijapanizi. Chondivuta apa n'choti munthu wosazolowera sadziwa ngakhale pamene chilembo chimodzi chathera, makamaka m'Chiarabu cholembedwa pamanja. Kodi inu mumayambira pati pofufuza chilembo chimene simungathe kuchitchula kapena kuchitayipa?

Pali funso lina limene mwina ndinafunika kuyambira. Kodi buku limene kapepala kapezekamo ndi umboni? Kalatayi inali m'buku la Chijeremani, ndipo ndikanatsatira bukulo ndikanalemba zabodza. Komabe sindikufuna kutayiratu zinthu ngati sitampa, dzina la ndalama kapena kalembedwe ka deti zikapezeka.

Amene angathe, andiuze ndondomeko imene amatsatira, choyamba kuyang'ana ndi chotsatira chake. Mundiuzenso kuti ndi zizindikiro zingati zogwirizana zimene mumafuna musanatchule chilankhulo motsimikiza, komanso kuti ndi liti pamene munthu ayenera kungolemba pakhadi kuti mawuwo ndi ochepa kwambiri moti sangadziwike. Ngati pali amene akufuna kuona yekha kamzere ka pa õ kaja, ndikhoza kujambula kapepalako pafupi kuti kaoneke bwino. Zikomo kwambiri.