Apilu ya a Phiri pa mlandu wa ng'ombe, khoti loyeserera la ku Mchinji

Olemekezeka a Jaji, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndikuimira a Phiri a kwa Mkanda omwe apanga apilu, mnzanga ali uko akuimira boma. Khoti la majisitireti pa Mchinji boma lidawapeza a Phiri olakwa pa mlandu woba ng'ombe zitatu nkuwapatsa zaka 7. Ndili ndi mfundo zitatu bwana ndipo mphindi zanga zambiri ndithera pa yoyamba. Yoyamba, sitetimenti yovomera mlandu idatengedwa mophwanya malamulo. Yachiwiri, mukaichotsa sitetimentiyo umboni wotsala ndi woperewera. Yachitatu ndi ya chilango, koma imeneyo ndi ya ngati ziwirizi zakanika.

Nkhani yake njachidule. Ng'ombe zidasowa usiku m'khola la odandaula, patapita sabata imodzi mwa izo idapezeka kwa a Phiri, ziwiri zija mpaka lero sizikudziwika. A Phiri adagwidwa Lachiwiri m'mawa, adadinda chala pa sitetimenti Loweruka, kukhoti adakafika Lolemba.

Nde pa mfundo yoyamba. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 likuti munthu akamangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48, ndipo gawo lomwelo likuti asakakamizidwe kuvomera mlandu. Maola 48 a a Phiri adatha Lachinayi m'mawa bwana...

JAJI: Imani kaye. Gawo lomwelo si likunenanso kuti maola 48 akathera pa tsiku loti khoti silikugwira ntchito, munthu akhoza kudikira tsiku lotsatira la khoti?

Likutero ndithu bwana. Koma Lachinayi ndi tsiku la ntchito, Lachisanu chimodzimodzi, ndipo mu rekodi mulibe pomwe boma lidanena kuti kunali holide kapena majisitireti kunalibe. Akanamangidwa Lachisanu madzulo sindikanaima pano ndi mfundo imeneyi. Wapolisi wofufuza atafunsidwa adangoti galimoto inalibe mafuta, ndipo kusowa kwa mafuta sikupezeka mu gawo 42. Pa tsiku lomwe a Phiri amadinda chala anali atakhala kale m'chitokosi masiku awiri kunja kwa lamulo.

Ndipo taonani pepalalo bwana, lili pa tsamba 14 la rekodi. Lalembedwa m'Chingerezi kuyambira pamwamba mpaka pansi, pomwe a Phiri sukulu adalekezera sitandade 3, palibe mzere olo umodzi wosonyeza kuti wina adawawerengera m'Chichewa, palibe mboni yapadera idasainira, chala chokha basi pakona. Iwo adauza khoti kuti adauzidwa zoti akadinda apita kwawo tsiku lomwelo. Munthu wagona pa simenti mausiku anayi, fodya wake ali m'chigafa osasamalidwa, wina nkumuuza kuti dinda apa uzipita, angakane?

JAJI: Koma gawo 176 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni likulola sitetimenti yovomera kulandiridwa olo woimbidwa mlandu anene kuti adakakamizidwa. Mukundiuza kuti ndilinyalanyaze?

Ayi bwana, ndipo ndiyankha pawiri. Poyamba, gawo 176 lomwelo mukaliwerenga mpaka kumapeto likuti khoti lingaigwiritse ntchito sitetimentiyo pokhapokha litakhutira popanda chikaiko kuti woimbidwa mlandu ndi amene adanena mawuwo, komanso kuti zomwe zili m'menemo ndi zoona. Kulandira pepala ndi nkhani ina, kulikhulupirira ndi nkhani inanso. Majisitireti adalandira nkulekera pomwepo, m'chigamulo chonse mulibe pomwe adadzifunsa ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi umboni wina. Ndipo sizikugwirizana. Sitetimenti ikuti adathyola chitseko cha khola, mwini ng'ombe adauza khoti kuti mbava zidazula mitengo kumbuyo, chitseko adachipeza chomanga bwinobwino. Wakuba weniweni sangaiwale pomwe adalowera.

Kachiwiri, gawo 5 la malamulo oyendetsera dziko likuti lamulo lililonse lotsutsana nawo lilibe mphamvu pa mbali yomwe likutsutsanayo. Nde ngati gawo 176 litanthauza kuti olo sitetimenti yokakamiza ingamangitse munthu, pamenepo ligonje kwa gawo 42.

JAJI: Mukufuna ndigamule lero kuti gawo 176 ndi losemphana ndi malamulo a dziko?

Sikofunika kufika kumeneko bwana. Apilu iyi ikupambana pa yankho loyamba lija lokha, lachiwiri ndangoliika poti mwina khoti lingaone mosiyana.

Ndilowe mfundo yachiwiri ngati mwalola. Tikachotsa pepalalo chatsala ndi ng'ombe imodzi m'khola la a Phiri. Palibe adawaona usiku umenewo, palibe mapazi adalondoledwa, palibe ndalama ya ng'ombe ziwiri zija idapezeka nawo.

JAJI: Ng'ombe yobedwa m'khola mwawo patangotha sabata. Zimenezo nzochepa? Lamulo limalola khoti kuganiza kuti wopezeka ndi katundu wongobedwa kumene ndiye wakuba kapena adalandira akudziwa.

Limalola bwana, koma ngati munthuyo walephera kufotokoza momveka mmene katunduyo adamupezera. A Phiri adafotokoza. Adati adagula pa Kamwendo tsiku la msika, adatchula mtengo, adatchula a nyakwawa awo omwe adaitanidwa kudzaona ng'ombeyo itangofika pamudzi, ndipo adanena zimenezi tsiku lomwe amagwidwa, osati zopeka kukhoti ayi. Apolisi sadapite kwa a nyakwawa, sadapite pa Kamwendo. Komanso ng'ombeyo ili ndi khutu lodula, chizindikiro cha mwini wake, imadya padambo masana anthu onse akuona. Kwa Mkanda malire a Zambia ndi pafupi, munthu wodziwa kuti ng'ombe ndi yakuba angaisunge sabata yonse pakhomo khutu lili poyera chonchija?

JAJI: Nanga bwanji a Phiriwo sadawaitane a nyakwawa ngati mboni yawo?

Analibe loya bwana, ndipo mu rekodi simukuoneka kuti khoti lidawafotokozera bwino zoti angathe kuitanitsa mboni. Koma olo tisiye zimenezo, si ntchito yawo kutsimikizira khoti kuti sadabe. Gawo 42 likuti munthu ndi wosalakwa mpaka atapezeka wolakwa, ndipo kuyambira pa mlandu wa Woolmington wa mu 1935 ku Mangalande, womwe makhoti athu amautsatira, mtolo wa umboni amasenza ndi boma. Majisitireti adalemba kuti a Phiri alephera kuonetsa kuti adagula. Pamenepo ndi pomwe adaphonya, funso loyenera linali lakuti kodi zomwe anena a Phiri zingathe kukhala zoona, ndipo ngati zingathe, chikaikocho chimakomera iwo.

Ndaona nthawi yatsala pang'ono, nde yachitatu ndingodutsamo. A Phiri aka nkoyamba kupezeka kukhoti, ng'ombe yomwe idapezeka nawo idabwerera kwa mwini wake ili bwinobwino, ndipo gawo 340 la lamulo lija la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni likuti wolakwa koyamba asathamangitsidwire kundende khoti lisadaone ngati palibe njira ina. Chigamulo sichikutchula nkomwe kuti ndi koyamba. Zaka 7 zachuluka.

Pempho lathu ndi ili bwana. Apilu ivomerezedwe, chigamulo chowapeza olakwa chifafanizidwe, a Phiri amasulidwe. Ngati khoti laona kuti mlandu uima ndithu, chilango chichepetsedwe kuti miyezi yomwe akhala kale kundende ikwanire.

JAJI: Bwanji osangolamula kuti mlandu uzengedwenso?

Boma lidali ndi mpata wonse wofufuza nkusankha kudalira pepala limodzi bwana, kuzenganso kungakhale kulipatsa danga lokonza zomwe lidalekerera lokha, a Phiri akadali mkati. Tikupempha kumasulidwa. Ngati palibe funso lina, ndasunga mphindi ziwiri zodzayankha mnzanga wa boma akamaliza. Zikomo bwana.