Musanadine Send: zoti muone komaliza pa imelo ya lipoti la ndalama

Achemwali, pepala ili likhale pambali pa kompyuta mpaka imelo itapita. Ndi ya lipoti la ndalama za pulojekiti ya ulimi wamthirira ndi pempho lathu la chigawo chachiwiri, K48,600,000. Abwenzi athu a ku London akuifuna isanakwane 12 koloko masana nthawi yakwawo, Lachisanu pa 28 Novembala 2025. Mwezi uno iwo ali m'mbuyo mwathu ndi maola awiri, ndiye kuno ikhala 2 koloko. Ife titumiza 10 koloko m'mawa, chifukwa magetsi satsanzika akamapita. Chongani ndi cholembera chilichonse chimene mwaona ndi maso anu.

Choyamba

☐ Fufutani maadiresi onse mu To, Cc ndi Bcc. Muwabwezera pamapeto, zina zonse zikatheka. Imelo yopanda adiresi singachoke ngakhale chala chitaterereka.

Mayina

☐ Dzina lililonse mwalifananiza ndi mmene mwiniwake amalilembera pansi pa imelo yake yomaliza kapena pa chidindo cha ofesi yake. Osadalira kukumbukira, osadaliranso mmene timalitchulira muno.

☐ Mwayang'ana zilembo zimene zimatipusitsa tonse: l ndi r, h wotsatira p, t kapena k, ndi kachizindikiro ka m' ndi ng'. Chirwa ndi Chilwa pakamwa ndi munthu mmodzi, koma papepala ndi anthu awiri. Mwale si Mwali. Amene amalemba dzina lake ndi ŵ, mulembereni ndi ŵ.

☐ Kompyuta sinakonze dzina la munthu mwakachetechete. Mayina athu siiwadziwa, ndiye imawasandutsa mawu achizungu amene ikuwadziwa. Werengani dzina chilembo ndi chilembo, chala chili pa sikirini.

☐ Dzina la pamalonje ndi lomwelo lili pa kalata yomwe taphatikiza. Kalatayi tinaikopera ku ya chaka chatha, ndipo amene ankayang'anira pulojekiti yathu nthawi imeneyo anachoka. Dinani Ctrl+F, lembani dzina lakalelo, muone ngati labisala penapake.

Maudindo

Apa musafulumire. Kulakwitsa nambala anthu amakhululuka msanga, koma kutsitsa munthu pampando amakumbukira zaka.

☐ Mayi amene akulandira lipoti ku London amasaina ndi Dr, choncho malonje ayambe ndi Dr. Musalembe Mrs: sitikudziwa za banja lawo, ndipo si nkhani yathu.

☐ Mfumu yathu tailemba kuti Inkosi, monga zilili kuno kwa Angoni a ku Ntcheu. Musalembe Inkosi ya Makhosi, udindo umenewo ndi wa mfumu yaikulu yokha. Ngati mukukayika kuti anakwezedwa kapena ayi, imbirani alembi awo. Chaka china ndinatchula a gulupu kuti nyakwawa m'kalata yoitanira anthu kumsonkhano. Anabwera ndithu, anakhala pampando wakutsogolo, koma tsiku lonse sanatsegule pakamwa, ndipo nkhani ya malo a damu inagona miyezi itatu.

☐ Kwa bwanamkubwa wa boma, kalata ikupita ku ofesi, osati kwa munthu. Mabwanamkubwa amasamutsidwa kawirikawiri, ndiye lembani udindo poyamba, ndipo dzina muliike pokhapokha mwatsimikiza sabata ino kuti akadali omwewo. Ngati pampando pali wogwirizira, zilembedwe choncho.

☐ Phungu wa dera lathu watchulidwa pa tsamba lachiwiri. Chisankho cha pa 16 Seputembala chinasintha zambiri: onani kuti dzina ndi la amene alipo tsopano, ndipo Hon. ali patsogolo pake.

☐ Pansi pa kalata, udindo wa wapampando wa bodi ndi wa ine zalembedwa molondola, ndipo nambala ya foni ndi imene ikugwira.

Zophatikiza

☐ Mafayilo ndi anayi, osachepera, osapitirira:

```
1_kalata.pdf
2_lipoti_la_ndalama_2025.pdf
3_bajeti_chigawo_2.xlsx
4_malisiti.pdf
```

☐ Fayilo iliyonse mwaitsegula kuchokera mu imelo momwemo, osati mufoda. Mufoda muli malipoti atatu a mayina ofanana. Loyenera ndi limene lili ndi siginecha ya msungichuma pa tsamba lomaliza.

☐ K48,600,000 ikuoneka chimodzimodzi malo atatu: mu imelo, m'kalata ndi pansi pa bajeti. Werengani maziro. Nambala ya akaunti ya kubanki muifananize ndi ya pa sitetimenti, wina akuwerenga mokweza inu mukutsatira.

☐ Mu bajeti mulibe tsamba lobisika. Dinani batani lakumanja la mausi pa dzina la tsamba pansi pa Excel: ngati Unhide ikudinika, mkatimo muli kanthu. Ndikukayikira tsamba la malipiro a antchito, lomwe siliyenera kutuluka muofesi muno.

☐ Ndemanga zathu za m'mbali ndi zofiira za Track Changes zinachotsedwa kalata isanasandutsidwe PDF. Pali malo amene ndinalemba kuti "apa tawonjeza dala, adzadula okha". Zimenezo zisafike ku London.

☐ Malisiti akuwerengeka, palibe lozondoka kapena lodukira m'mphepete. Mndandanda wa alimi wokhala ndi manambala a zitupa zawo mulibe m'gululi, sanaupemphe.

☐ Zonse pamodzi zili pansi pa 20 MB. Gmail imalola mpaka 25 MB, koma maofesi ena amabweza imelo isanafike pamenepo. Malisiti akalemera, achepetseni. Linki ya Google Drive ndi njira yomaliza, ndipo mukaigwiritsa ntchito muonetsetse kuti iwo ali ndi chilolezo choitsegula.

Mutu ndi uthenga

☐ Pa Subject pali dzina la pulojekiti ndi nambala ya mgwirizano. Palibe Fwd, ndipo pansi palibe mchira wa zimene tinkakambirana tokha muno.

☐ Tsiku ndi deti zikugwirizana ndi kalendala. Mwezi ulembedwe ndi mawu.

Olandira

Tsopano bwezerani maadiresi.

☐ Mu To muli munthu mmodzi, mayi a ku London, chifukwa ndi amene tikufuna ayankhe.

☐ Mu Cc muli wapampando wa bodi, msungichuma ndi ine. Basi.

☐ Bwanamkubwa ndi alembi a Inkosi sali pa imelo ino. Iwo alandira yawo masana, ya kalata yokha popanda bajeti ndi malisiti.

☐ Bcc ilibe kanthu. Munthu wobisidwa akadina Reply all, onse amadziwa kuti tinamubisa.

☐ Adiresi iliyonse mwaiona yathunthu, mpaka kumapeto kwake. Mukalemba zilembo ziwiri kompyuta imamalizitsa yokha, ndipo tili ndi a Banda atatu: msungichuma, wotigulitsa mapaipi ndi mtolankhani uja. Msungichuma alinso ndi maadiresi awiri, tengani yakuntchito.

☐ Mukutumiza kuchokera ku adiresi ya ofesi, osati yanu.

Kutumiza

☐ Undo Send mu Gmail yaikidwa pa masekondi 30. Nthawiyo ikatha imelo siibwereranso.

☐ Mwayamba mwadzitumizira nokha, n'kuitsegula pafoni, mafayilo onse anayi atseguka.

☐ Ndabwera kudzaiwerenga ndipo ndasaina papepalali. Ngati ndili kumunda, msungichuma asaine m'malo mwanga.

☐ Mwatumiza, ndipo ili mu Sent. Dikirani mphindi khumi muone ngati yabwerera. Ikafika 12 koloko yakuno asanayankhe kuti alandira, ndiuzeni ndiwaimbire.