Takwanitsa chaka chimodzi: zikomo makasitomala athu

Sabata ino shopu yathu ya zipangizo za njinga yakwanitsa chaka chitsegulireni. Tikuthokoza nonse, kuyambira inu amene mumadzagula tayala ndi tcheni mpaka amene mumangodzapopetsa m'mawa popita kuntchito.

Zambiri zomwe zili pa mashelefu munatiuza ndinu. Mutadandaula kuti masipoko opyapyala amathyoka njinga ikanyamula katundu wolemera, tinayamba kusunga okhuthala. Machubu tsopano timawapopa muli pomwepo musanalipire, ndipo ikapezeka yoti valavu yake ikutulutsa mpweya timasinthiratu.

Tikuthokozanso amene mumabweranso kudzafunsa chigamba chikamatuka. Kawirikawiri vuto limakhala kufulumira. Palani malo obowokawo ndi sandipepa, pakani guluu wochepa, dikirani mphindi 5 kuti aume, kenako matani ndi kudinikiza kwambiri. Musanabwezere chubu, yendetsani zala mkati mwa tayala, chifukwa munga ukatsalamo umabowolanso pomwepo. Tcheni nacho muzichipukuta musanathire oyilo; oyilo wochuluka amakoka mchenga, mano a giya n'kutha msanga.

Loweruka likubwerali, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana, bweretsani njinga zanu. Tidzamanga mabuleki, kuthira oyilo pa tcheni ndi kupopa matayala kwaulere. Mudzalipira chipangizo chokhacho chimene chafunika kusintha, titakuonetsani kaye.

Ngati pali chipangizo chomwe mumachisowa kwathu, tiuzeni mukabwera kuti tichiyitanitse. Zikomo kwambiri potikhulupirira.