Chifukwa chake 50 ndi 50 sizikwana 100: phunziro loyamba la kemiko potensho

Kuti muone nokha kuti madzi 50 mL ndi ethanolo 50 mL zikasakanizidwa sizikwana 100 mL, pakufunika masilinda awiri oyezera a 50 mL, ina imodzi ya 100 mL yokhala ndi chotsekera, madzi otchezedwa bwino m'labu, ethanolo wopanda madzi, ndi themometa. Zonse zikhale m'chipinda chimodzi kwa kanthawi kuti zifanane katenthedwe, tinene 20 °C. Ethanolo sachedwa kugwira moto, choncho pafupi pasakhale lawi lililonse.

Yezani madzi 50 mL, muthire mu silinda yaikulu. Yezaninso ethanolo 50 mL, muthire pang'onopang'ono motsetsereza m'mbali mwa galasi kuti ayandame pamwamba pa madzi. Mukatero mulingo umakhala pafupi ndi 100 mL, chifukwa ziwirizi sizinasakanikirane kwenikweni. Tsopano tsekani, mutembenuze silindayo kangapo. Galasi lifunda m'manja, tithovu ting'onoting'ono tikwera, ndipo mulingo utsika. Zikazizira kubwerera pa 20 °C mupeza pafupifupi 96.5 mL.

Palibe chatayika. Mukanayeza pa sikelo musanasakanize ndi mutasakaniza, kulemera kukanakhala komweko, pafupifupi 89.4 g. Chachepa ndi malo okha.

Anthu ambiri amapeza nambala ina, ndipo zifukwa zake ndi zodziwika. Kuwerenga mulingo zisanazizire kumapereka nambala yokwererapo, poti madzi ofunda amafufuma. Spiliti wogula kusitolo amakhala ndi madzi kale, ndiye kuchepa kwina kunachitikira ku fakitale, inu muona kochepa. Silinda yosatseka imauluzitsa ethanolo, ndipo madontho otsalira m'masilinda ang'onoang'ono amakunamizani kuti malo achepa kwambiri. Tithovu tija si ethanolo akuwira ayi, ndi mpweya umene unasungunuka m'madzi ndi mu ethanolo, umene msakanizo sungathe kusunga wonse.

Kuwerenga m'mamolo

Molo ndi muyezo wa chiwerengero cha mamolekyulu. Molo imodzi ya madzi ndi 18.02 g, ndipo pa 20 °C imatenga malo a 18.05 mL. Molo imodzi ya ethanolo ndi 46.07 g, imatenga 58.4 mL. Choncho mu silinda mwalowa mamolo 2.77 a madzi ndi mamolo 0.856 a ethanolo. Chulukitsani muone: 2.77 × 18.05 ndi 50, ndipo 0.856 × 58.4 ndi 50. Manambala awiriwa, 18.05 ndi 58.4, ndi a chinthu chili pachokha, pamene molekyulu iliyonse yazunguliridwa ndi zinzake za mtundu womwewo. Mumsakanizo anansi asintha.

Madzi paokha amagwirana ndi mabondi a haidrojeni mwa njira yosiya timipata tambiri. Ethanolo akalowa, mamolekyulu amakonzanso kagwiranidwe kawo n'kukhala mothinana kuposa kale. Kawirikawiri amafanizira ndi kuthira mchenga m'chitini cha nyemba, mchenga n'kulowa m'mipata. Fanizoli limathandiza theka lokha, chifukwa nyemba ndi mchenga sizikokana, pamene mamolekyulu amakokana, ndipo kufunda kwa galasi kuja ndi umboni wa kukokanako.

Funso lothandiza pamenepa ndi ili: msakanizo ulipo kale wochuluka zedi, nditawonjezeramo molo imodzi ya madzi, voliyumu ikwera ndi zingati? Yankho lake ndi limene limatchedwa pashiyo mola voliyumu ya madzi mu msakanizowo. Timati wochuluka zedi kuti molo imodziyo isasinthe kasakanizidwe. M'masamu timalemba motere, A akuimira madzi, B ethanolo, n chiwerengero cha mamolo, T katenthedwe ndipo p pulesha:

```
V_A = (∂V/∂n_A) pa T, p, n_B zosasintha
V = n_A·V_A + n_B·V_B
```

Mukathira molo imodzi ya madzi m'thanki ya madzi okhaokha, voliyumu ikwera ndi 18 mL. Mukaithira m'thanki ya ethanolo yekhayekha, ikwera ndi 14 mL yokha. Madzi ndi omwewo, 18 g yomweyo.

Mu silinda yathu, momwe ethanolo ndi gawo 0.236 la mamolo onse, pashiyo mola voliyumu ya madzi ili pafupi ndi 17.5 mL pa molo, ya ethanolo 56.1 mL pa molo. Ndiye 2.77 × 17.5 ndi 48.5, ndipo 0.856 × 56.1 ndi 48.0. Pamodzi 96.5 mL, monga silinda inaonetsera.

Chenjezo limodzi: musaganize kuti 17.5 mL ndi kukula kwa mamolekyulu a madzi. Ndi kusintha kwa msakanizo wonse madzi akalowamo. N'chifukwa chake nambalayi itha kutsika pansi pa ziro. Mukasungunula magineziyamu salifeti pang'ono m'madzi ambiri, voliyumu imachepa m'malo mokwera, chifukwa maayoni ake amakokera mamolekyulu a madzi pafupi kwambiri.

Pa ntchito, izi zikutanthauza kuti msakanizo wa ethanolo sukonzedwa pongophatikiza mavoliyumu papepala. Malangizo a WHO a mankhwala opaka m'manja amati pa malita 10 muthire 8333 mL ya ethanolo wa 96%, 417 mL ya haidrojeni perokisaidi wa 3%, 145 mL ya giliserolo wa 98%, kenako muwonjezere madzi mpaka pa mzere wa malita 10. Madzi sanapatsidwe nambala yake, ndipo mukachotsera nokha n'kuthira 1105 mL simufika pa mzerewo.

Kuchoka pa voliyumu kupita ku mphamvu ya Gibbs

Zimene tachita ndi voliyumu tingachite ndi chilichonse chimene chimakula zinthu zikachuluka: enthalope, entirope yomwe imayeza kumwazikana kwa zinthu ndi mphamvu, ndi mphamvu ya Gibbs, G. Ya Gibbs ndiyo yofunika kuposa zonse, chifukwa katenthedwe ndi pulesha zikakhala zosasintha, chinthu chimachitika chokha pokhapokha G akutsika. Pashiyo mola ya G ili ndi dzina lakelake, kemiko potensho, ndipo chizindikiro chake ndi μ. Anaiyambitsa ndi J. Willard Gibbs wa ku Yale m'zolemba zake za pakati pa 1875 ndi 1878.

```
μ_A = (∂G/∂n_A) pa T, p, n_B zosasintha
```

Funso ndi lija lomwe: nditawonjezera molo imodzi ya A, G wa msakanizo asintha ndi majulo angati? Phindu lake limaoneka tikasamutsa kachigawo dn ka A kuchoka malo 1 kupita malo 2. Malo 1 amataya μ₁·dn, malo 2 amapeza μ₂·dn, kusintha konse ndi (μ₂ − μ₁)·dn. Kuti G atsike, μ₂ ayenera kuchepera μ₁. Choncho chinthu chimachoka kumene μ wake ndi wamkulu kupita kumene ndi wamng'ono, ndipo chimaleka μ akafanana mbali zonse. Kutentha kumatsata kusiyana kwa tempulecha, zinthu zimatsata kusiyana kwa μ.

Pa msakanizo wosavuta, umene mamolekyulu osiyana amakokana mofanana ndi amtundu umodzi, monga benzini ndi toluwini zimayandikirako, lamulo ndi ili:

```
μ_A = μ_A* + R·T·ln(x_A)
```

Apa μ_A* ndi wa A ali payekha, x_A ndi gawo la mamolo a A, R ndi nambala yosasintha ya magasi, ndipo pa 298 K, R·T ndi 2.48 kJ pa molo. Poti x_A sapitirira 1, logarithimu yake ili pansi pa ziro, ndiye kusakaniza kumatsitsa μ wa chilichonse chili mkatimo. Mamolo akakhala ofanana mbali ziwiri, x ndi 0.5, μ aliyense amatsika ndi 1.72 kJ pa molo. Mu msakanizo wotere palibe kufunda, palibe kuchepa kwa voliyumu, koma zinthu zimasakanikiranabe zokha, ndipo sizidzalekana zokha. Chikukankha ndi entirope basi.

Madzi ndi ethanolo sizitsata lamuloli bwino, taona kale kufunda ndi kuchepa. Pamenepo m'malo mwa x timaika akitiviti, a = γ·x, ganizo la G. N. Lewis la mu 1907. Nambala γ ndiyo imanyamula kupatuka konse. Ethanolo akakhala wochepa kwambiri m'madzi pa 25 °C, γ wake ali pafupi ndi 4, kutanthauza kuti μ wake ndi wokwera kuposa mmene x akunenera, ndipo amafunitsitsa kuthawira mu nthunzi. Wotcheza kachasu amapindula ndi zimenezi: nthunzi yochoka mu mphika imakhala ndi ethanolo wambiri kuposa zotsala pansi. Koma kupatuka komweko kumaika malire. Ethanolo akafika pafupifupi 95.6% pa kulemera, msakanizo umawira pa 78.2 °C ndipo nthunzi imafanana kasakanizidwe ndi zotsala mu mphika. Kutcheza kangati konse sikupyola pamenepo, ndipo ofuna ethanolo wopanda madzi amachotsa madzi otsalawo ndi njira ina.

Ophunzira ambiri amalakwa pamfundo imodzi. Amaloweza kuti zinthu zimachoka kumene zachuluka kupita kumene zachepa. Izi n'zoona mkati mwa msakanizo umodzi wosavuta, koma osati paliponse. Khutchumulani madzi a ayodini ndi hekiseni mu botolo: ayodini achoka m'madzi n'kudzaza mu hekiseni mpaka kuchuluka kwake kupose kwa m'madzi kutalitali. Chafanana pamapeto ndi μ wa ayodini m'magawo awiriwo, osati kuchuluka kwake.

Mmene V ndi μ zimakumanira

Pulesha ikakwera, μ wa chinthu amakwera, ndipo mlingo wa kukwerako ndi pashiyo mola voliyumu yomwe ija: kusintha kwa μ ndi V_A·Δp. Tiyese ndi shuga. Sungunulani molo imodzi, 342 g, mu kilogalamu imodzi ya madzi, yomwe ndi mamolo 55.5. Gawo la madzi ndi 55.5 ÷ 56.5, kapena 0.982, ndipo μ wa madzi watsika ndi majulo pafupifupi 44 pa molo. Nambalayi ikuoneka yaing'ono. Koma ikani madzi a shugawa mbali imodzi ya kachikopa kodutsa madzi okha, mbali inayo madzi oyera. Madzi oyera alowa ku shuga, ndipo kuti muwaletse muyenera kupanikiza mbali ya shuga mpaka μ abwerere pomwe anali. Gawani 44 ndi 0.000018 m³ pa molo: mupeza pafupifupi 2.4 MPa, kuposa pulesha ya mpweya wotizungulira ka 24. Poyeza zenizeni imapitirirako pang'ono, poti madzi a shuga wochuluka chonchi apatukanso pa lamulo losavuta lija. Nsomba yothiridwa mchere imatuluka madzi pa chifukwa chomwechi, ndipo mabakiteriya ali pa nsombayo amaumanso chimodzimodzi.

Chotsala ndi chakuti mapashiyo mola a zinthu za mu msakanizo umodzi samasintha aliyense payekha. Katenthedwe ndi pulesha zikakhala zosasintha, amamangidwa ndi lamulo la Gibbs ndi Duhem:

```
n_A·dμ_A + n_B·dμ_B = 0
n_A·dV_A + n_B·dV_B = 0
```

Wina akakwera mnzake atsike, ndipo amene mamolo ake ndi ochepa ndiye amasintha kwambiri. Kuchoka pa msakanizo wathu kupita ku ethanolo yekhayekha, ya ethanolo imakwera kuchoka 56.1 kufika 58.4, ya madzi imatsika kuchoka 17.5 kufika 14. Mukayeza densite ya misakanizo ingapo, n'kujambula girafu n'kupeza mizere ya V_A ndi V_B ikukwera limodzi kapena kutsika limodzi pa malo amodzi, bwererani ku miyezo yanu. Nthawi zambiri cholakwa chimakhala tempulecha imene inasintha pakati pa muyezo wina ndi unzake.