Kafumbi ndi Madzi a Pansi pa Mchenga

Padangokhala. Tilitonse.

Kuchigwa cha Luangwa, kufupi ndi Mfuwe, kunali kamwana ka njovu kakakazi, dzina lake Kafumbi. Kanali ndi zaka 2, ndipo timinyanga take tinali titangoyamba kusuzumira m'mbali mwa chitamba. Kanali kuyamwabe. Paja mwana wa njovu amayamwa ndi pakamwa, chitamba atachipindira pamphumi, ndipo mabere a amake ali pakati pa miyendo yakutsogolo.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Pofika Okutobala, dzuwa linali kuswa mtengo, kutentha kupitirira madigiri 40. Masamba a tsanya anayoyoka, udzu unasanduka fumbi, ndipo mkaka wa amake a Kafumbi unayamba kuchepa. Banja lonse linali la njovu 9: amake, azakhali, ana, ndi Ambuya amene anali kutsogolera. Kwa njovu, mtsogoleri ndi mayi wamkulu pa onse, chifukwa ndiye amakumbukira kumene madzi anapezeka pa chilala cha kale. Ambuya anali ndi zaka zoposa 50, ndipo mnyanga wao wakumanja unali waufupi ndi wobuntha, poti ndi umene anali kukumbira ndi kusendera makungwa moyo wao wonse.

M'mawa wina anafika padambo pamene anali kumwa masiku onse. Madzi kunalibe. Panangotsala matope akuda pakati, m'mbali monse mutang'ambika ming'alu. Kafumbi atamva fungo la chinyezi anathamangira komweko, makutu ali petupetu. Koma mwendo woyamba utangoti phwa m'matope, amake anamutchinga ndi chitamba n'kumukokera kumbuyo. Matope a dambo louma ndi msampha, mwanawe. Pamwamba pamaoneka pouma, pansi ndi phala, ndipo kamwana ka njovu kakatitimira mpaka m'mimba, mphamvu zimatha kasanatuluke.

Ambuya anaima duu. Anakweza chitamba m'mwamba, nsonga yake ikutembenukira uku ndi uku, kulawa mphepo. Kenaka anatulutsa mawu a pansipansi, onga kugunda kwa mvula yakutali. Mawu otere ena munthu sawamva n'komwe, koma njovu zimawamva patali, ndi makutu ndiponso ndi mapazi, chifukwa amayenda ndi m'nthaka momwe. Kafumbi anawamva akunjenjemera m'miyendo. Onse anatembenuka, ulendo unayamba.

Sanapite ku Luangwa. Madzi otsala kumeneko anali kutali ndi kumene kunali chakudya, ndipo m'maiwe munali mutadzaza mvuu ndi ng'ona, madzi ake obiriwira ndi ndowe. Ambuya analowera ku Lupande, mtsinje umene nyengo yotentha umangokhala mchenga wokhawokha.

Anayenda mondondozana, ana ali pakati. Masana anaima pamthunzi wa mvunguti, akukupiza makutu kuti magazi a m'makutumo azizire, ndipo Kafumbi anagona chammbali pansi pa mimba ya amake. Panjira anapeza mlambe. Azakhali anaubaya ndi minyanga, n'kusenda chikungwa chachitali. Mkati mwa mlambe ndi mofewa, mwa ulusi wonyowa, ndipo Kafumbi anatola tizidutswa n'kutafuna. Kukhosi kunafewako, koma ludzu la njovu silitha ndi mlambe. Yaikulu imamwa malita oposa 100 pa tsiku.

Tilitonse.

Dzuwa litapendeka anatsikira m'Lupande. Kafumbi anayang'ana kumtunda, mchenga. Anayang'ana kumunsi, mchenga. Analira kamodzi, mokwiya.

Koma Ambuya sanaime pakati pa mtsinje. Anayenda pang'onopang'ono, chitamba chikukwawa pamwamba penipeni pa mchenga, kununkhiza. Anadutsa malo oyera otentha, nafika pokhota, pansi pa gombe lalitali pamene mitengo inali idakali yobiriwira. Mtsinje wa mchenga suuma wonse. Madzi amabisala pansi, atakhala pa dongo kapena pa thanthwe, ndipo pamalo ena amakhala pafupi ndi pamwamba. Pamenepo mchenga umanunkha chinyezi, ndipo mphuno ya njovu siphonya.

Ambuya anayamba ndi phazi lakutsogolo. Analikankhira kutsogolo ndi kumbuyo, kupalasa mchenga wouma wa pamwamba mpaka panakhala chibeseni chachikulu. Atafika pa mchenga wozizira, wakuda pang'ono, analeka phazi n'kugwiritsa chitamba. Anapinda nsonga yake ngati dzanja, kutapa mchenga, kuponya pambali, kutapanso, kuponya. Dzenje linali kuning'a potsika, mpaka linafika pafupifupi mita imodzi.

Ndiye anaima, osachita kanthu.

Apa ndi pamene Kafumbi analephera kupirira. Anadzipanikiza pakati pa miyendo ya Ambuya, naponda m'mphepete mwa dzenje, mchenga n'kugumukira mkati, waa! Ambuya anamukankha ndi mwendo, osati mwankhanza, koma mokwanira kuti akhale pansi ndi matako. Pa madzi ochepa njovu zazikulu sizinyengerera, ngakhale mwana. Anachotsanso mchenga wogumukawo, nadikiranso.

Pansi pa dzenje panayamba kunyezimira. Madzi anali kutuluka m'mbali pang'onopang'ono, kusefedwa ndi mchenga. Oyamba anali a matope, ndipo Ambuya anawakoka n'kuwapemerera kunja, fuu! Achiwiri anali oyera. Anakoka chitamba chodzaza, malita ngati 8, nachipindira m'kamwa, madzi akumveka kulowa kukhosi. Chitamba si chomezera ayi. Ndi chotungira chabe, madzi amathiridwa m'kamwa.

Amake ndi azakhali anakumba maenje ao chapafupi. Kafumbi anaima pambali pa amake, kutola madontho ogwa kuchokera m'kamwa mwao, nthawi zina kulowetsa kachitamba kake m'kamwamo. Sizinakwanire. Ndiye anapita payekha pakati pa mtsinje, napalasa ndi phazi monga anaonera. Mchenga unali wotentha ndi wouma, ndipo uliwonse umene anachotsa unali kubwereramo. Anaupuma m'mphuno, nayetsemula.

Anabwerera kugombe, chitamba chili pansi. Apa fumbi. Apa ndowe ya njati. Apa, pafupi ndi muzu wa mtengo, kanthu kozizira. Anaima. Anapalasa ndi phazi, kenaka ndi chitamba, timchenga tochepatochepa. Dzenje lake linali laling'ono ndi lokhota, ndipo mbali imodzi inagumuka kawiri. Amake anadza, natapa kanayi kokha ndi chitamba chao chachikulu, n'kusuntha.

Kafumbi anagwada ndi miyendo yakutsogolo, matako m'mwamba, popeza chitamba chake chinali chachifupi. Ulendo uno sanaponde m'mphepete. Anadikira. Kunsonga kwa chitamba kunazizira. Anakoka, napemerera kunja a matope aja. Anakokanso, napindira m'kamwa. Theka linatayikira pachifuwa, theka linalowa. Anamwa, nadikira kuti adzalenso, namwanso, mpaka kamimba kanati tantha.

Atatha onse, anadzithira mchenga wonyowa kumsana, nakwera gombe kukatola zipatso za nsangu zimene zimagwa nyengo yomweyi. Kumbuyo kwao nkhanga zinatsika, kenaka anyani, njiri ndi nswala, aliyense kudikira mpata pa zitsime za njovu. Kadzenje ka Kafumbi kanakwanira njiwa ziwiri.

Usiku mwezi unatuluka pamwamba pa mitengo. Ambuya anaodzera choimirira, chitamba atachikoleka pa mnyanga wobuntha uja. Kafumbi anayamwa pang'ono, nagona chammbali pa mchenga wozizira, azakhali atamuzungulira ngati mpanda. Kachitamba kake kanali kadakali konyowa kunsonga. Kanagwedera kamodzi, kawiri, n'kukhala chete.

Nawenso funda, mwanawe, tseka maso. Nthano yathera pompa.