Bambo Phiri, ndikupempha kantchito kojambula katundu wanu

Mwaswera bwanji Bambo Phiri? Pepani polowa pa foni yanu mosagogoda. Ndine Chisomo, mwana wachiwiri wa Mayi Nabanda a Chigwirizano ku CCAP ya ku Highfield, aja kwawo ndi ku Dedza. Nambala yanu andipatsa ndi mayiwo. Munawapangira kabati ya mbale chaka chatha, ndipo mlendo aliyense akafika pakhomo safuna kuchoka asanafunse kuti anapanga ndani.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho sindizungulira: ndikufuna ntchito kwa inu. Si yolembedwa ya pamwezi ayi, ndi ganyu wa masiku atatu basi. Ine ndimajambula katundu wa anthu a malonda ndi kuwakonzera WhatsApp Business kuti ogula aziona katundu ndi mitengo yake pa foni asanakwere kombi yobwera kwa inu. Uthengawu utalikirapo, koma ndati ndilembe zonse kamodzi kuti muwerenge mukaweruka, m'malo mokuimbirani makina akulira.

Ndakhala ndikuona zimene mumaika pa Status. Mundikhululukire kulankhula mosabisa kwa munthu wamkulu: zithunzizo zikukulandani ndalama. Tebulo lija la mipando 6 munaika Lachiwiri lajambulidwa masana dzuwa lili paliwombo, vanishi akunyezimira moti mtundu wa thabwa sukuoneka. Kumbuyo kwake kuli mulu wa utuchi, wilibala ndi sofa ya shopu yoyandikana nayo. Munthu amene sanafikepo pa shopu panu sangadziwe kuti ndi mlombwa. Aziona ngati ndi paini wopakidwa utoto, ndipo mukamuuza mtengo wa mlombwa aganiza kuti mukumukweza dala. Chinanso, Status imafufutika pakatha maola 24. Wofuna bedi Loweruka sangapeze chithunzi chimene munaika Lolemba, ndiye amakulemberani kuti "nditumizireni mabedi", inu n'kuyamba kufufuza m'foni manja ali ndi guluu.

Pa Area 8 ya ku Glen View muno mu Harare amisiri a mipando ndinu ambiri, ndipo mukudziwa bwino kuposa ine zimene zimachitika kasitomala akangotsika pa msewu wa Willowvale. Anyamata okokera ogula amamulandira asanalowe n'komwe, kumutengera kumene apeze kangachepe, ndipo kangachepeko kamachoka pa mtengo wanu kapena kuwonjezedwa pa wogula. Koma munthu amene waona kale wodilopu yanu pa foni, akudziwa mtengo ndi muyeso wake, amafika akutchula dzina lanu. Ameneyo savuta, ndipo sapatutsidwa panjira.

Ntchito yake iyenda chonchi. Tsiku loyamba ndifika 7 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwere, chifukwa kuwala kwa m'mawa kapena kwa tsiku la mitambo ndi kumene kumaonetsa mizere ya thabwa popanda kuthobwa m'maso. Nyengo ya mvula ino ikutithandiza pamenepo. Ndibwera ndi nsalu yaikulu yotuwa yotchinga kumbuyo, choimikapo kamera ndi tepi yoyezera. Kwa inu ndingofuna anyamata awiri onyamula, kansanza kopukutira fumbi, ndi malo amthunzi okwana bedi lalikulu. Ndijambula zinthu zosapitirira 30, chilichonse katatu: chathunthu kutsogolo, cham'mbali, ndi chapafupi kwambiri. Chapafupicho ndi chimene ndimalimbikira. Ogula ambiri anapsapo ndi mipando yokongola pamaso koma yongokhomedwa misomali, imene imayamba kugwedera mwezi usanathe. Ndikufuna aone mmene inu mumalumikizira matabwa, mmene dilowa imatsegukira, kuseri kwa kabati kumene ena amangophimba ndi kabolodi kopyapyala, ndi msoko wa nsalu ya sofa. Luso lanu lili pamalo amenewo, ndipo palibe chithunzi chanu ngakhale chimodzi chimene chikuwaonetsa.

Tsiku lachiwiri ndigwirira kunyumba: kusankha zithunzi, kuziwongola, kulemba mawu. Sindisintha mtundu wa katundu kuti aoneke wowala kuposa mmene alili. Ena amatero, koma mapeto ake ndi mkangano pa tsiku lotenga katundu, wogula akuti sofa imene anaona sinali iyi. Mawu a chinthu chilichonse akhala aafupi, monga awa: bedi la anthu awiri, la paini wa ku Mutare, masentimita 137 m'lifupi ndi 188 m'litali, lopanda matiresi, limatha pa masiku 5 mutapereka dipoziti. Ndilemba m'Chingerezi ndi m'Chishona poti ogula anu ambiri ndi eni dziko, koma mukafuna Chichewa cha abale athu a ku Mbare, Mufakose ndi Dzivaresekwa ndiwonjezera popanda malipiro ena.

Pa nkhani ya mitengo mwina tisiyana maganizo. Ndikudziwa kuti amisiri ambiri safuna kulemba mtengo poyera, kuopa kuti woyandikana naye atsitsa ndi madola 5 n'kulanda kasitomala, komanso pofuna kusiya mpata wonenerera. Ine ndimaona kuti kubisa mtengo kumathamangitsa anthu ambiri kuposa amene kumasunga. Munthu akaona chinthu chopanda mtengo amaganiza kuti n'chodula, amachita manyazi kufunsa, n'kupitirira. Tingalembe kuti "kuyambira madola akuti", mpata wonenerera n'kukhalapobe. Mitengoyo tiika m'madola a ku America, ndipo wolipira ndi ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, azifunsa mtengo wa tsikulo, kuti musamakhalire kusintha manambala. Komabe shopu ndi yanu, mukakana ndisiya malowo opanda kanthu.

Tsiku lachitatu ndibweranso kudzakhala nanu pansi, pamodzi ndi amene amagwira foni ya shopu kawirikawiri. WhatsApp Business ndi yaulere, ndipo nambala yanu sisintha. Tiyamba tasunga mauthenga anu onse akale kuti pasatayike ngakhale nkhani ya ngongole imodzi, kenako n'kusamutsa. Katundu yense alowa pa Catalog, imene imalandira zinthu mpaka 500, ndiye malo ndi ambiri. Ndikukonzerani Quick replies, kuti funso limene limabwera kakhumi patsiku muziliyankha ndi kungodina pang'ono. Mwachitsanzo mukalemba /malo pazituluka njira yonse yofikira pa shopu, mukalemba /dipoziti pazituluka malamulo anu a kalipiridwe. Tiikanso Away message yoyankha usiku ndi Lamulungu muli ku tchalitchi. Sindichoka mpaka mnyamata wanu atajambula yekha mpando umodzi ndi kuuika pa Catalog ine ndikungoyang'ana. Sindikufuna kuti muzindiitana nthawi iliyonse mwapanga chatsopano.

Pali phindu lina limene sindikonda kulitchula, koma ndi loona. Moto wabukapo kangapo pa Area 8, ndipo amisiri ambiri anataya katundu, zida ndi mabuku olembamo maoda. Mulungu atiteteze zisachitikenso. Zithunzi zonse ndi miyeso yake ndikupatsani pa kakhadi ka m'foni koti kazikhala kunyumba, ndiponso ndiziika pa Google Drive ya dzina lanu, kuti mapangidwe anu asamakhale pamalo amodzi okha.

Chimene ndalembera lero osadikira ndi nyengo. Misika ya fodya imatsegulidwa mwezi wa Malichi, ndipo alimi akalandira ndalama zawo ambiri sabwerera kumudzi chimanjamanja. Amagula mabedi, masofa ndi makabati, n'kukweza pa lole tsiku lomwelo. Anthu amenewa sakhalitsa m'tauni, alibe nthawi yozungulira mashopu onse. Ngati mwana wawo kapena mnansi wawatumizira katundu wanu pa foni asananyamuke ku Karoi kapena ku Mvurwi, akudziwa kale kokafikira. Enanso ndi ana athu ali ku Joni ndi ku Ulaya, amene amagulira makolo mipando ndalama n'kutumiza pa Mukuru. Iwowa sangabwere kudzagwira thabwa ndi manja, chimene ali nacho ndi chithunzi basi. Sindikulonjezani kuti mugulitsa zochuluka mwakuti, chifukwa limenelo lingakhale bodza. Chimene ndingalonjeze n'chakuti woona zithunzi adzaona katundu wanu mmene alilidi, ndipo mafunso obwerezabwereza adzachepa.

Malipiro anga ndi madola 70 pa ntchito yonse, kuphatikiza mayendedwe ndi bandulo yanga. Mupereka madola 30 tsiku lojambula, ndipo 40 otsalawo mukaona zonse zili pa foni yanu n'kukhutira. Ndimalandira pamanja kapena pa EcoCash, ndipo ndimalemba lisiti. Chithunzi chimene sichinakusangalatseni ndichijambulanso tsiku lachitatu lija osawonjezera kanthu. Zithunzizo zikhala zanu, muziike pa Facebook kapena pa chikwangwani mmene mungafunire. Ndingopempha chilolezo choonetsa zisanu kwa anthu ena amene ndikuwafunsira ntchito, ndipo mukakana sindizionetsa. Kuyankha makasitomala tsiku ndi tsiku kapena kulipira zotsatsa malonda pa Facebook sizili m'mtengowu. Zimenezo tingadzakambirane mukadzaona kuti n'zofunika, koma pakadali pano sindikuona chifukwa choti muwonongerepo ndalama.

Pansi pa uthengawu ndatumiza zithunzi za ntchito ziwiri zimene ndinagwira: ya mayi wina wosoka zitenje ndi mayunifolomu a sukulu ku Machipisa, ndi ya bambo wina wowotcherera mageti ndi mawindo ku Magaba. Onse awiri avomera kuti mukhoza kuwafunsa za kagwiridwe kanga, ndipo mukafuna ndikupatsani manambala awo. Mipando sindinajambulepo yambiri ngati yanuyi, n'chifukwa chake sindikufuna kuti mungondikhulupirira pa mawu. Mundilole ndibwere Loweruka likubwerali m'mawa ndidzajambule tebulo la mlombwa lija lokha, kwaulere, kwa theka la ola. Madzulo ake ndikutumizirani, muike pambali pa chithunzi chanu cha Lachiwiri, muonetsenso amayi kunyumba. Mukaona kuti palibe kusiyana, tisiyana mwamtendere ndipo sindikuvutitsaninso.

Mukavomera, ntchito yeniyeni ndingayambe Lachiwiri lotsatira n'kumaliza Lachinayi. Kodi Loweruka 7 koloko mudzakhala mutatsegula, kapena ndifike cha m'ma 8? Ngati kulemba kukuchedwetsani, ingonditumizirani mawu apakamwa, ndimvera.

Zikomo kwambiri Bambo, mupereke moni kwa amayi.

Chisomo